Kalata yopempha adivansi ya salale: lembani mwezi woyamba kudula, mwezi womaliza ndi ndalama yake

Ikamafika Okutobala kuno ku Kasungu, mitambo ikangoyamba kuda cha kumadzulo, aliyense amene ali pa ntchito maganizo amakhala pa feteleza ndi mbewu, ndipo ambiri amathamangira kwa abwana kukapempha adivansi. Vuto lomwe ndimaliona ndi lakuti kalata zambiri zimadzaza tsamba lonse ndi madandaulo, kuti ana, kuti munda, kuti zinthu zakwera, koma pofika pa kabwezedwe amangolemba mzere umodzi woti "muzindidula pang'onopang'ono". Pang'onopang'ono ndi zingati? Akauntanti sangalowetse mau amenewo mu makina a malipiro, iye amafuna nambala ndi mwezi, ndiye mukapanda kumupatsa amasankha yekha, ndipo kusankha kwake kumatengera mabuku a kampani osati poto wa kunyumba kwanu. Apa ndikufotokoza za amene mumagwira pa kampani, pa esiteti, pa sukulu yapulayiveti, pa golosale yaikulu kapena ku bungwe, komwe amene amakulipirani ndi yemweyo amene angakubwerekeni.

Musanagwire cholembera pitani kaye ku ofesi ya za antchito kapena kwa akauntanti mukafunse malamulo a pamalopo, chifukwa malo aliwonse ali ndi ake. Funsani ngati pali fomu kapena amalandira kalata wamba. Funsani kuti munthu amaloledwa kutenga zingati poyerekeza ndi salale yake, komanso kuti amalola kubweza kwa miyezi ingati. Kwina liwu loti adivansi amalimva ngati ndalama ya pakati pa mwezi yomwe imadulidwa yonse kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo ya miyezi ingapo amaiona ngati ngongole ya wantchito yokhala ndi fomu yakeyake, ndiye izi muzidziwiretu kuti musapemphe chinthu china n'kupatsidwa china. Funsaninso ngati pali chiwongoladzanja kapena kandalama ka fomu. Chomaliza, chomwe ambiri sachiganizira n'komwe, funsani tsiku lomwe amatseka kukonza malipiro a mwezi, poti tsiku limenelo ndi lomwe limanena ngati kudula kuyambe mwezi womwewo kapena wotsatira.

Mukabwerako tengani peyisilipi yanu ya mwezi watha, kapena ya miyezi itatu ngati ndalama zanu zimasinthasintha. Pamenepa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni ndipo ndichedwapo. Osayang'ana nambala yaikulu ya pamwamba ija. Pa nambala imeneyo pamachoka PAYE, pamachoka 5 peresenti yanu ya penshoni, mwinanso SACCO, welofeya ya maliro, ngongole ya ku banki ngati imadulidwira komweko. Yang'anani ya pansi, yomwe pa mapepala ambiri amalemba kuti NET PAY, yomwe imalowadi mu akaunti. Ovataimu ndi ma alawansi a ku fildi muwachotse pa masamu anu, chifukwa amenewo mwezi wina amabwera mwezi wina ayi, pomwe kudula kumabwera mwezi uliwonse osalephera. Dziwaninso kuti kubweza adivansi sikuchepetsa msonkho. PAYE amawerengera pa salale yonse monga mwa nthawi zonse, kenako adivansi imadulidwa pa zotsalazo, ndiye K60,000 yodulidwa ndi K60,000 yathunthu yochoka m'thumba mwanu.

Tiyerekeze bambo wina amene ndi kalaliki pa esiteti ina cha ku Santhe. Zonse zikadulidwa amalandira K320,000. Ali ndi munda wa chimanga, ndipo atafunsa mitengo ku shopu za zipangizo za ulimi pa boma wapeza kuti NPK, yureya ndi mbewu zomwe akufuna zikukwana K480,000. Mumtima mwake akungoti ndipemphe K480,000 basi. Koma tiyeni timulembere zomwe sangathawe pa mwezi. Lendi ndi K60,000. Chakudya, kuphatikiza chigayo, ndiwo, sopo, makala ndi mchere, ndi K130,000. Magetsi ndi madzi K20,000, kabaza ndi minibasi K25,000, ndipo K15,000 ndi ya mankhwala ndi tina ndi tina ta ana. Zonsezi zikukwana K250,000. Ndiye kuti ndalama yomwe angadulidwe osagona ndi njala siingapitirire K70,000 pa mwezi, yotsala pa K320,000 ija.

Tinene kuti pa esiteti pake amalola kubweza kwa miyezi 6. K480,000 kugawa miyezi 6 ikupereka K80,000 pa mwezi, kutanthauza kuti mwezi uliwonse azipelewera K10,000 pa zinthu zomwe sangazisiye, ndipo mwa miyezi imeneyo muli Januwale ndi Febuluwale momwe chimanga chimakwera mtengo pa msika ndipo m'nkhokwe mumakhala mutapepuka. Apa ndi pomwe munthu amagwera kwa a katapila, kutenga ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kuti akwirire dzenje lomwe lakumbidwa ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja, ndipo phindu lonse la adivansi limathera pomwepo. Masamu ake ayenera kuyendera mbali inayo: ayambe ndi zomwe angathe kudulidwa, achulukitse ndi miyezi, yankho lake ndiyo ndalama yopempha. K70,000 kuchulukitsa ndi 6 ndi K420,000, koma kumeneko ndi kudzipanikiza mpaka pakhosi, mwana akangodwala malungo zonse zasokonekera. Ine ndingamuuze kuti atsike pa K60,000 pa mwezi, apemphe K360,000, azitsala ndi K10,000 yopumira. K120,000 yopelewerayo aione padera, kaya achepetse gawo la munda lomwe athire feteleza mokwanira n'kudzala soya kapena mtedza mbali inayo, kaya agule NPK ndi mbewu panopa yureya wina adzawonjezere nthawi yobereketsa ikamayandikira. Kupempha zochepa zomwe mungabweze kuli bwino kusiyana ndi kupempha zonse n'kumadzabwereranso ku ofesi Januwale kukachonderera kuti ayimitse kudula.

Pali lamulo lomwe muyenera kulidziwa. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limaika malire pa ndalama yomwe olemba ntchito angadule pobweza ngongole kapena adivansi yomwe anakupatsani, ndipo malirewo ndi theka la malipiro a nthawi yomwe mukulipidwayo. Koma amenewo ndi malire oteteza kuti munthu asalandire envelopu yopanda kanthu, si uphungu woti mudzidulitse mpaka theka ayi. Bambo wa ku Santhe uja atadulidwa theka la K320,000 angatsale ndi K160,000, lendi ndi chakudya zokha sizingakwane.

Tsopano miyezi. Tengani kalendala muone kuti kudula kugwera miyezi iti ndipo m'miyezi imeneyo muli chiyani. Bambo wathu akupempha mu Okutobala, akufuna salale ya Okutobala isakhudzidwe, kudula kuyambe pa ya Novembala kuthere pa ya Epulo. Pakatipa pali fizi ya mwana ya temu yachiwiri, tinene K60,000, yomwe imafunika Januwale sukulu zikamatsegulira. Onetsetsani bwino apa: fizi ya Januwale imachoka pa salale ya Disembala, osati ya Januwale, poti ya Januwale imabwera kumapeto kwa mwezi ana atayamba kale. Ndipo malo ambiri salale ya Disembala imatuluka msanga Khirisimasi isanafike ndiye imayenera kukoka masabata ambiri kuposa miyezi ina. Choncho mwezi wolemera kwa iye ndi Disembala.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupempha kudula kosafanana, Novembala K70,000, Disembala K10,000 yokha, kenako K70,000 mwezi uliwonse kuyambira Januwale mpaka Epulo, zomwe zikukwanabe K360,000. Pa pepala zikuoneka bwino koma zimafuna kuti akauntanti azikumbukira kusintha nambala, ndipo ena amakana kumene chifukwa makina awo amalowetsa nambala imodzi ndi chiwerengero cha miyezi basi. Komanso miyezi 5 yonseyo bamboyu akhala alibe yopumira. Yachiwiri ndi kusiya K60,000 yofanana mwezi uliwonse, ndiye fiziyo aisunge kuchokera pa K70,000 yotsala pa salale ya Okutobala yomwe sinadulidwe, ngati sukulu ikulola akaperekeretu n'kutenga lisiti ndalamayo isanasungunuke m'manja. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa nambala imodzi ndi yosavuta kuilondola, ikalakwika mumaona tsiku lomwelo.

Ngati muli pa kontilakiti, onani tsiku lomwe ikutha. Pa maesiteti a fodya ndi m'mabungwe a mapulojekiti anthu ambiri amakhala pa kontilakiti ya nyengo kapena ya chaka, ndiye mwezi womaliza kudula uzikhala mkati mwa kontilakitiyo, makamaka utsogole ndi mwezi umodzi. Kalata yopempha miyezi 6 pomwe kontilakiti yatsala ndi miyezi 4 imabwezedwa asanaiwerenge n'komwe mpaka pansi.

Masamu akatheka kalata imakhala yaifupi. Pamwamba lembani dzina lanu, nambala yanu ya pa ntchito, udindo ndi dipatimenti, tsiku, kenako amene mukumulembera, kudzera kwa amene amakuyang'anirani ngati ndi momwe zimayendera pamalopo. Osamudumpha kapitawo kapena supavaiza wanu, poti abwana aakulu amadzamufunsabe, ndipo akadzayankha kuti sindikudziwapo kanthu kalata imagona mu fayilo. Mau ake angakhale ngati awa:

Bwana,

PEMPHO LA ADIVANSI YA K360,000

Ndikupempha adivansi ya K360,000 pa malipiro anga kuti ndigulire feteleza ndi mbewu za ulimi wa chaka chino. Ndaphatikiza pepala la mitengo lochokera ku shopu komanso peyisilipi yanga ya Sepitembala. Ndingathokoze nditalandira ndalamayi pasanafike pa 25 Okutobala.

Ndikuvomera kuti muzidula K60,000 pa malipiro anga mwezi uliwonse kwa miyezi 6, kuyambira pa malipiro a Novembala mpaka pa malipiro a Epulo, motere:

Novembala: kudula K60,000, kutsala K300,000
Disembala: kudula K60,000, kutsala K240,000
Januwale: kudula K60,000, kutsala K180,000
Febuluwale: kudula K60,000, kutsala K120,000
Malichi: kudula K60,000, kutsala K60,000
Epulo: kudula K60,000, kutsala K0

Panopa ndimalandira K320,000 zonse zikadulidwa, ndipo pa nthawi yobwezayi ndizilandira K260,000. Ndilibe adivansi ina yomwe sindinamalize kubweza. Ntchito itatha ndisanamalize, ndikuvomera kuti ndalama yotsalayo idulidwe pa malipiro anga omaliza monga lamulo likulolera.

Ine wanu pa ntchito,

Pansi pake musaine, ndipo musiye malo oti supavaiza, abwana ovomereza ndi akauntanti asainepo ndi kulemba tsiku. Pa miyezi yonseyo muwonjezere chaka mu manambala, poti Epulo wopanda chaka angakhale Epulo aliyense. Ndalamayo muilembenso m'mau pambali pa manambala ngati mmene timachitira pa cheke, kuti ziro mmodzi asasowe kapena kuwonjezeka. Ngati ofesi yanu imafuna Chingerezi kapena ili ndi fomu yake palibe chosintha, mfundo ndi zomwezi, ndipo ngati fomuyo ilibe malo olembapo ndandanda ya miyezi, ilembeni pa pepala lina mumangirire kumbuyo ndipo pa fomupo mulembe kuti pali pepala lophatikiza.

Muona kuti chifukwa chopemphera chatenga mzere umodzi wokha. Ndi dala. Abwana safunika mbiri yonse ya pakhomo panu, komanso kalatayi imadutsa m'manja mwa anthu angapo n'kukakhala mu fayilo yanu zaka zambiri, ndiye za matenda a m'banja kapena mikangano ya pachibale musazitambasule, "kulipira chipatala" kapena "fizi ya mwana" n'kokwanira, umboni wake ukhale lisiti, kalata ya ku sukulu kapena pepala la mitengo. Koma chifukwacho chikhale choona. Kasungu ndi kwakung'ono, mukalemba feteleza anthu n'kukuonani mwagula sofa, ulendo wina mukadzakhala pa vuto lenileni palibe adzakumvereni.

Mzere woti ndilibe adivansi ina muulembe pokhapokha ngati ndi zoona, chifukwa akauntanti ali nazo kale m'mabuku. Ngati ilipo itchuleni, yatsala zingati ndipo itha liti. Ngongole za kunja zomwe sizioneka pa peyisilipi, monga banki m'khonde kapena ya pa foni, simukakamizidwa kuziika mu kalata koma mu masamu anu a pa mwezi aja ziyenera kukhalamo, apo ayi K70,000 yomwe mukuganiza kuti imatsala ndi yongopeka. Ndipo pa mzere wa ntchito ikatha, lembani malipiro omaliza basi, osalonjeza penshoni. Ndalama ya penshoni imasungidwa ku kampani ya penshoni pa dzina lanu, sili m'manja mwa abwana, ndipo si chikole choti muzichipereka pa kalata ngati iyi.

Kalatayo mupange ziwiri kapena muijambulitse pa fotokope, ndipo ikasainidwa ndi onse mutenge yanu yokhala ndi masiginecha kapena chidindo, muijambulenso pa foni. Chilolezo cha pakamwa, chija abwana amangoti "zatheka, kaonane ndi akauntanti" ali pa khomo la galimoto, ndi chomwe chimabweretsa mikangano yambiri, poti abwanawo akasamutsidwa wobwerayo amangopeza nambala ya ngongole yopanda mgwirizano wa kabwezedwe. Ngati avomera ndalama yocheperapo, tinene K300,000 m'malo mwa K360,000, musalandire pogwiritsa ntchito kalata yakale ija. Lembani ndandanda yatsopano, K50,000 kwa miyezi 6 kapena K60,000 kwa miyezi 5, isainidwenso. Polandira ndalama, ngati ndi pamanja werengani pomwepo musanasaine vocha ndipo onani kuti nambala ya pa vocha ikufanana ndi ya m'kalata, ngati ndi ku banki sungani uthenga wa pa foni.

Kuyambira pamenepo ntchito yanu ndi kuwerenga peyisilipi mwezi ndi mwezi, kuiyerekeza ndi ndandanda ija n'kuchonga. Kwa bambo wa ku Santhe, kuyambira Novembala mu akaunti muzilowa K260,000. Ikalowa nambala ina ndiye kuti china chake chachitika, ndipo zomwe zimachitika kawirikawiri ndi izi.

Nthawi zina amadula msanga. Ndalama yatuluka pa 12 Okutobala asanatseke malipiro, ndiye wolowetsa manambala wangoyambiratu kudula mwezi womwewo, kapena waiona ngati adivansi ya pakati pa mwezi n'kufuna kuidula yonse kamodzi. Mukaona izi pitani tsiku lomwelo ndi kope yanu, muonetse mzere woti kuyambira pa malipiro a Novembala, mupemphe kuti abweze yopitirirayo kapena, ngati ndi K60,000 yokha ndipo mungapirire, alembe kuti tsopano kudula kuthera Malichi.

Nthawi zina amaiwala kudula, ndipo iyi ndiyo imapusitsa anthu. Novembala yalowa K320,000 yathunthu, munthu amangoti mwayi wanga n'kuidya. Ngongole siinachoke, ili chikhalire, ndipo akadzazindikira potseka mabuku amadzadula miyezi iwiri pakamodzi, K120,000 pa salale ya Disembala, mwezi womwe tanena kuti ndi wolemera kale uja. Ndiye K60,000 imeneyo musaikhudze, kanenezeni ku ofesi, ndipo mugwirizane molemba chimodzi mwa ziwiri: muipereke pamanja akupatseni lisiti, kapena ndandanda yonse isunthe ndi mwezi umodzi kuti ithere Meyi.

Chachitatu ndi kudula kosaleka. Ngati nambala inalowetsedwa popanda mwezi womaliza, makina amangopitiriza, ndipo munthu amene wazolowera kulandira K260,000 kwa miyezi 6 akhoza kudutsa Meyi ndi Juni osazindikira kuti akubweza ngongole yomwe inatha. N'chifukwa chake salale ya Epulo ikangotuluka, malipiro a Meyi asanatsekedwe, pitani kwa akauntanti mukamukumbutse kuti yatha ndipo mupemphe alembe pa kope yanu kuti yatsala K0, asaine ndi tsiku. Ya Meyi iyenera kubwerera pa K320,000. Ikapanda kutero, lembani kakalata kofupika kotchula mwezi ndi ndalama yodulidwa mopitirira, muphatikize mapeyisilipi onse 6, ya Meyi ija ndi ndandanda yosainidwa, mupemphe kuti ibwezedwe pa malipiro otsatira.

Zinthu zikasintha pakati pa ulendo, kaya matenda, kaya maliro, ndipo mukuona kuti K60,000 ya mwezi winawake ikupwetekani, lembani msanga tsiku lotseka malipiro lisanafike, mutchule mwezi womwe mukupempha kuti achepetse komanso mwezi womwe yotsalayo idzalowe, ndandanda yatsopano ikhale pansi pake. Mukagulitsa soya kapena mtedza ndipo mukufuna kumaliziratu msanga, perekani ku ofesi ya ndalama osati kwa munthu pa njira, mutenge lisiti, muonetsetse kuti auza wokonza malipiro kuti asadulenso. Ngati pabuka kusagwirizana komwe kwakanika kutha pa ntchito pomwepo, monga kudulidwa zoposa zomwe munasainira ndipo sakubweza, tengani kalata yosainidwa ija ndi mapeyisilipi anu mupite nazo ku ofesi ya leba pa boma, poti kumeneko choyamba kufunsa chimakhala mapepala amenewa.